Foni ya Wi-Fi 4, 5, 6 kapena 7: nambala iti ndi yoyenera kuilipirira kuno ku Tete?

Alamu anga a ku Ulongwe atagulitsa mbatata yawo ya kachewere anatsikira kumzinda wa Tete n'kubwerako ndi foni yodula, yolembedwa Wi-Fi 6 ndi Bluetooth 5.3 pabokosi. Sabata isanathe anandiimbira. "Alamu, kodi andipusitsa? Intaneti ikukwawa monga kale, ndipo sipika ija ikulira chimodzimodzi." Palibe amene anawapusitsa. Foniyo ndi yeniyeni ndipo manambala ake ndi oona. Kungoti kunyumba kwawo amailumikiza ku kamayifayi kakale, kachipangizo ka m'thumba kogawa intaneti ya simu khadi, kodziwa Wi-Fi 4 yokha, ndipo sipika yawo ndi ya zaka zisanu zapitazo. Zipangizo ziwiri zikakumana zimalankhulana m'chilankhulo chimene zonse zikuchidziwa, ndiye kuti yatsopano imatsikira kwa yakale. Amene mukufuna kugula foni mwezi uno, yambirani pamenepo.

Zoyezera zitatu musanafunse mtengo

Choyamba ndi kudziwa pamene pakuchedwetsa zinthu. Wayifayi si intaneti. Ndi kamlatho kakafupi kochokera pa foni yanu kufika pa rauta kapena pa foni ya mnzanu amene wayatsa hotisipoti. Kuchoka pamenepo uthenga umakwera netiweki ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel kupita ku nsanja. Tiyerekeze kuti nsanja ya kwanu imakupatsani mamegabiti 10 pa sekondi madzulo. Wi-Fi 4 ya foni yotchipa kwambiri imanyamula mamegabiti 30 kapena 40 popanda kubanika. Choncho kamlathoko ndi kotakasuka kale kuposa msewu wopita ku nsanja, ndipo kukakulitsa kakhumi sikuwonjezera kanthu pa YouTube yanu. Mamega nawonso sachedwa kutha chifukwa foni ndi ya Wi-Fi 6. Amatha chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi bandi, kutanthauza dera la mafunde limene chipangizo chikugwiritsa ntchito. Pali 2.4 GHz, pali 5 GHz, ndipo posachedwapa pabwera 6 GHz. Bandi ya 2.4 imafika patali ndipo imabooleza khoma la njerwa bwinoko, koma ndi yopanikizika: njira zosapondana zili zitatu zokha, 1, 6 ndi 11, ndipo bulutufi nayonso imakhala m'bandi yomweyo. Ya 5 ndi yotakasuka komanso yothamanga, koma ikadutsa makoma awiri imafooka msanga. Ine ndimaona kuti funso lakuti foni ili ndi bandi imodzi kapena ziwiri ndi lalikulu kuposa nambala ina iliyonse ya pabokosi.

Pano ndichenjezepo za chisokonezo chimene ogulitsa ena amachikonda. Dzina la wayifayi lothera ndi `_5G` likutanthauza 5 GHz, silikugwirizana n'komwe ndi 5G ya makampani a mafoni. Foni ikhoza kukhala ya 4G koma n'kukhala ndi 5 GHz, ndipo kwa ambiri a ife imeneyo ndiyo yofunika.

Chachitatu ndi zimene muli nazo kale: rauta, sipika, mahedifoni, wailesi ya m'galimoto, mafoni a m'nyumbamo. Ngati simukuganiza zozisintha, foni yatsopano idzayenda pa liwiro la zimenezo.

Nambala ya bulutufi imanena zochepa kuposa mmene imaonekera

Izi zikukhudza mafoni onse anayi amene ndiwayerekeze, choncho ndizinene kamodzi.

M'dzina limodzi la bulutufi muli njira ziwiri. Pali yakale, imene imanyamula nyimbo kupita ku sipika ndi mawu a foni kupita ku mahedifoni, ndipo liwiro lake lapamwamba la mamegabiti 3 pa sekondi linafika kale mu 2004. Pali ina yosadya batire, imene inabwera ndi Bluetooth 4.0 mu 2010, ya mawotchi a pamkono ndi tizipangizo ting'onoting'ono. Bluetooth 5.0 itatuluka mu 2016 anthu anamva kuti liwiro lawirikiza kawiri ndipo mtunda wawirikiza kanayi. N'zoona, koma zonsezo zinali za njira yachiwiri ija. Nyimbo zinapitiriza kudutsa njira yakale. N'chifukwa chake sipika ya alamu anga sinasinthe mawu.

Chimene chimasintha kamvekedwe ndi kodeki, njira yopanikizira nyimbo kuti ikwane m'kanjira kameneko. SBC ili pa chipangizo chilichonse. AAC, aptX ndi LDAC zimagwira ntchito pokhapokha foni ndi mahedifoni zonse zili nazo. iPhone imagwiritsa ntchito AAC ndi SBC, ndiye mahedifoni olembedwa aptX sakupatsani chowonjezera pa iyo. Ndipo kunena zoona, pa nyimbo zolandirana pa WhatsApp zoimbidwa pa sipika ya pa baraka, khutu silisiyanitsa.

Kusintha kwenikweni kunayamba ndi Bluetooth 5.2, kuchiyambi kwa 2020, imene inatsegula khomo la LE Audio ndi kodeki yake ya LC3. Imeneyi imatumiza mawu kudzera njira yosadya batire ija, ndipo imachepetsa kuchedwa kwa mawu. Koma kampani sikakamizidwa kuiikamo. Foni ikhoza kulembedwa 5.3 kapena 5.4 ilibe LE Audio, ndipo zotere n'zambiri. Yang'anani mawu akuti LE Audio pa foni ndi pa mahedifoni pomwe, osati nambala yokha. Nkhani yoti mahedifoni amodzi alumikizidwe ku foni ndi ku laputopu nthawi imodzi nayonso imadalira mahedifoniwo, osati nambala ya foni.

Njira yoyamba: foni ya Wi-Fi 4 ya bandi imodzi

Papepala la zimene foni ili nazo mupeza `802.11 b/g/n`, opanda `a` kapena `ac`. Mulingo umenewu ndi wa 2009. Bulutufi yake imakhala 4.2 kapena 5.0.

*Mtengo.* Ndi yotsika kuposa zonse, ndipo ndicho chifukwa chokha choigulira.

*Kupezeka.* Ili paliponse, m'mashopu a mumzinda ndi a ku Moatize, pamsika wa ku Ulongwe, ngakhale kumalire a Zobwe ndi Kalomwe. Dziwani kuti mafoni ena atsopano otchipa amatulukabe chonchi, choncho chaka chimene foni inapangidwa sichikutsimikizirani kanthu.

*Kusamalira.* Palibe chogula chowonjezera, chifukwa rauta iliyonse ndi hotisipoti iliyonse ya 2.4 imailandira.

*Zoopsa.* Apa ndipo pali nkhani. Wayifayi ndi bulutufi za foni yotereyi zimalimbirana bandi imodzi, ndipo kawirikawiri zimagawana mlongoti umodzi m'kati mwa foni, ndiye zimachita kupatsana nthawi. Mukamaonera mpira pa wayifayi mutavala mahedifoni a bulutufi, mawu amadukaduka kapena chithunzi chimaima. Anthu ambiri amataya mahedifoni abwinobwino poganiza kuti afa. Kuyesa kwake n'kosavuta: zimitsani wayifayi, imbani nyimbo imene ili kale m'foni. Kudukaduka kukatha, mahedifoni alibe mlandu. Kukapitirira, chotsani foni m'thumba la kumbuyo muigwire kutsogolo, pakuti thupi la munthu limameza mafunde a 2.4. Vuto lina ndi lakuti wayifayi ya 5 GHz foniyi siiona n'komwe. Mnzanu akuuzani kuti wayatsa hotisipoti, inu mukufufuza, dzina silikubwera.

Njira yachiwiri: foni ya Wi-Fi 5 ya mabandi awiri

Papepala pamalembedwa `802.11 a/b/g/n/ac` kapena `dual-band`. Mulingo wa ac unafika cha m'ma 2013, ndipo umayenda pa 5 GHz yokha. Foni ikabwerera ku 2.4 imagwiritsa ntchito Wi-Fi 4. Bulutufi yake imakhala pakati pa 5.0 ndi 5.3.

*Mtengo.* Ndi yokwererapo pang'ono, ndipo nthawi zambiri ndalama yowonjezerayo imabwera ndi memore yokulirapo. Pa masitepe onse a nkhani ino, iyi ndi imene metikali iliyonse yowonjezera imaoneka ntchito yake.

*Kupezeka.* Mafoni ambiri apakatikati a Samsung, Tecno, Infinix ndi Redmi ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi mafoni odula akale ogulitsidwa ngati kaunjika. Koma musadalire dzina la kampani, chifukwa kampani imodzi imapanga ya bandi imodzi ndi ya mabandi awiri, maina ake ofanana ngati mapasa.

*Kusamalira.* Kuti mupindule pamafunika kuti mbali inayo ikhalenso ndi 5 GHz. Timayifayi tambiri ta m'thumba tili ndi 2.4 yokha. Ngati rauta yanu ili ndi mabandi awiri, ikhale m'chipinda chimene mumakhalamo, pamalo okwera, osati kuseri kwa firiji kapena m'kabati yachitsulo. Phindu lina silifuna rauta n'komwe, ndipo ndilo ndikufuna kulionetsa ndi chitsanzo.

Tengani filimu ya mamegabayiti 700 imene mukufuna kupatsa mnzanu popanda kuwononga mamega. Kumbukirani kuti megabayiti imodzi ndi mamegabiti 8, ndipo liwiro limene foni imalemba pa sikirini ndi la papepala: lenileni limakhala pafupifupi theka lake. Mukaitumiza pa bulutufi, imene imayenda makilobayiti pafupifupi 200 pa sekondi, mudikira pafupifupi ola lathunthu, kaya foni ndi ya 4.2 kaya ndi ya 5.3. Mukagwiritsa ntchito Xender, SHAREit kapena Quick Share, mafoniwo amapanga wayifayi yawoyawo. Pa 2.4 foni yotchipa imalemba 72 Mbps, kutanthauza mamegabiti 72 pa sekondi, zenizeni n'kukhala mamegabayiti 4 kapena 5 pa sekondi, ndiye filimuyo imatenga mphindi ngati zitatu. Mafoni onse awiri akakhala a Wi-Fi 5 n'kulumikizana pa 5 GHz, sikirini imalemba 433 Mbps, ndipo filimu yomweyo imadutsa mphindi imodzi isanakwane. Kwa munthu wotumiza kamodzi pa sabata kusiyanaku n'kochepa. Kwa mnyamata wobena nyimbo ndi mafilimu pamsika, amene ali ndi anthu asanu pamzere ndipo shapa ikuwaimbira hutala, ndi ndalama. Akapeza kuti liwiro laima pansi ngakhale mafoni onse ndi abwino, ayang'ane memore khadi: khadi yotchipa imalemba pang'onopang'ono kuposa mmene wayifayi ikubweretsera.

Phindu lachiwiri ndi la mahedifoni aja. Wayifayi ikasamukira ku 5, bulutufi imatsala yokha pa 2.4, ndipo kudukaduka kumachepa kwambiri.

*Zoopsa.* Mtunda. M'nyumba ya njerwa zootcha, 5 GHz imene inali yodzaza pabalaza imafika kuchipinda chachitatu itatsala kamzere kamodzi, ndipo panja pa mpanda imasoweratu. Komanso mukaika hotisipoti yanu pa 5 GHz, a m'nyumba amene ali ndi mafoni a bandi imodzi sakuonani. Zikatero pitani pa zokonzera hotisipoti, pamene pamalembedwa `AP band` kapena mawu ofanana nawo, mubwezere ku 2.4.

Njira yachitatu: foni ya Wi-Fi 6

Chizindikiro chake ndi `ax`, kapena `6` kumapeto kwa mndandanda wa zilembo zija. Inayamba kufala mu 2019. Bulutufi yake nthawi zambiri ndi 5.2 kapena 5.3, ngakhale mafoni oyambirira a gululi anali ndi 5.0.

*Mtengo.* Mumalipira kawiri, foni ndi rauta. Wogula foni yokha wagula theka, monga anachitira alamu anga.

*Kupezeka.* Mafoni ake amapezeka mumzinda wa Tete mosavuta, atsopano ndi akale omwe, pakuti ma iPhone kuyambira 11 ndi ma Galaxy ambiri a gulu la S kuyambira S10 ali nayo. Rauta yake ndiyo yofunika kufunsa bwino, makamaka ngati mukufuna yolowa simu khadi.

*Kusamalira.* Rauta yotere nthawi zambiri ndi yodalira magetsi a m'khoma, siyenda ndi batire ngati kamayifayi. Kumene magetsi amathimathima kapena kumene mumadalira sola, muwerengerenso batire yoisungira moto.

Nanga imasintha chiyani? Pa munthu mmodzi, pang'ono: pamene Wi-Fi 5 imalemba 433, iyi imalemba 600, ndipo foni ya milongoti iwiri imachoka pa 867 kufika pa 1201. Mphamvu yake yeniyeni imaoneka pagulu. Wayifayi yakale imatumikira zipangizo chimodzichimodzi, ngati mpopi umodzi wa pamjigo pamene aliyense amadikira ndowa ya mnzake idzaze, ngakhale iye akufuna kapu imodzi yokha. Wi-Fi 6 imatha kugawa njira imodzi m'tizigawo kuti mafoni angapo atumikiridwe nthawi imodzi. M'nyumba ya anthu anayi simuzindikira. Pa ofesi, pa sukulu kapena pa malo ogona alendo pamene mafoni makumi awiri kapena atatu ali pa rauta imodzi, mawu a pa foni ya WhatsApp amachepa kudukaduka, bola intaneti yolowa m'rautayo ikhale yokwanira ndipo mafoni ambiri pagulupo akhale a Wi-Fi 6. Ilinso ndi njira yoti foni izigona n'kumadzuka pa nthawi yopangana ndi rauta, koma pa foni chimene chimatha batire kwambiri ndi sikirini ndi kusakasaka netiweki yofooka, choncho musayembekezere chozizwitsa.

*Zoopsa.* Wi-Fi 6 imabwera ndi chitetezo cha WPA3, chimene chimavutitsa munthu wofuna kulota pasiwedi yanu. N'chabwino, koma mukaika rauta pa WPA3 yokha, mafoni akale ndi ma TV ena amakana kulumikiza, n'kumanena ngati pasiwedi ndi yolakwika. Sankhani `WPA2/WPA3` kuti onse alowe.

Njira yachinayi: Wi-Fi 6E ndi Wi-Fi 7

Izi ndizidutsa mwachangu, chifukwa owerenga ochepa ndi amene zikuwakhudza. 6E ndi Wi-Fi 6 yomwe ija itapatsidwa bandi ya 6 GHz. Wi-Fi 7, imene inayamba kutsimikiziridwa mu Januwale 2024, imakulitsa njira kufika pa 320 MHz ndipo imatha kugwiritsa ntchito mabandi angapo nthawi imodzi.

*Mtengo* ndi wa mafoni apamwamba, ndipo rauta yake nayonso si yamasewera. *Kupezeka* kwa mafoni kulipo, koma rauta mwina muchita kuitanitsa ku Maputo kapena kunja. *Kusamalira* n'kofanana ndi kwa Wi-Fi 6, kungowonjezera kuti 6 GHz imafooka ndi makoma kuposanso 5. *Choopsa* ndi kulipirira chinthu chimene sichiyaka. Bandi ya 6 GHz foni imaitsegula m'maiko okhawo amene bungwe loyang'anira mafunde laloleza, ndipo kuno mwini chilolezo ndi INCM. Komanso mafoni ndi marauta ena olembedwa Wi-Fi 7 alibe 6 GHz n'komwe. Popanda intaneti ya chingwe cha faiba yothamanga mamegabiti mazanamazana, liwiro lonselo lilibe chonyamula.

Kuyesa foni muli m'shopu momwemo

Bokosi likhoza kunama, makamaka pa mafoni achinyengo otengera maonekedwe a odula. Foni yeniyeniyo sivuta kuifunsa. Pemphani munthu wa foni yabwino ayatse hotisipoti pa 5 GHz, inu mufufuze ndi foni imene mukufuna kugula. Dzina likaoneka, ili ndi mabandi awiri. Lumikizani, kenako dinani pa dzinalo muone tsatanetsatane. Mafoni ambiri a Android amaonetsa `Frequency` ndi `Link speed`, kapena `Frequência` ngati foni ili m'Chipwitikizi, ndipo pamenepo 2.4 imalembedwa `2,4 GHz`. Mukaona 65 kapena 72 Mbps muli pafupi, ndiye kuti muli pa 2.4 kapena pa njira yopapatiza. Mukaona 433 kapena kuposa, ndi Wi-Fi 5 kapena yoposa. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani shopu ina.

Tengani mahedifoni anu omwe mukayese nawo. Imbani nyimbo, kenako imbirani munthu pa WhatsApp. Mawu akatsika ubwino pa nthawi yoimbirayo musadabwe, ndi mmene bulutufi yakale imachitira maikolofoni ikayaka, pa foni yotchipa ndi yodula yomwe. Yang'ananinso deti la chitetezo cha Android m'zokonzera. Mabowo odziwika a 2017, KRACK pa wayifayi ndi BlueBorne pa bulutufi, anatsekedwa ndi kukonzanso mapulogalamu, osati ndi nambala yatsopano ya pabokosi. Foni ya Bluetooth 5.0 imene ikulandirabe zokonza ndi yotetezeka kuposa ya nambala yokwera imene kampani yake inaiiwala.

Ndani atenge iti

Mlimi wa ku Tsangano kapena ku Furankungo amene intaneti yake yonse imachokera pa simu khadi, ndipo bulutufi amaigwiritsa ntchito pa sipika yokha, asavutike ndi nkhani yonseyi. Wi-Fi 4 imukwanira. Ndalama yake ipite ku batire yaikulu ndi foni yogwira netiweki bwino kumudzi kwake.

Wophunzira, wobena nyimbo, ndi aliyense amene amagawana mafayilo tsiku ndi tsiku kapena amaonera makanema pa wayifayi atavala mahedifoni, atenge Wi-Fi 5. Ngati ndalama yake ikulola sitepe imodzi yokha, ikhale imeneyi.

Amene foni yake ndiyo rauta ya banja lonse atengenso ya mabandi awiri, kuti azisankha bandi malinga ndi amene alipo. Koma ngati amakhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, kumene mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, aganizire zogula kamayifayi kapadera. Foni imene ikuchaja, ikukoka 4G, ikugawanso hotisipoti m'chipinda cha malata imatentha mpaka kudzichepetsa liwiro yokha, ndipo batire yake imakalamba msanga. Palibe nambala ya wayifayi yochiza zimenezo.

Mwini malo ogona alendo kapena ofesi ya anthu ambiri ayambe ndi rauta ya Wi-Fi 6, mafoni atsatire pambuyo. Wokonda masewero a pa foni amene amadana ndi mawu ochedwa afunefune LE Audio mbali zonse ziwiri, apo ayi agule mahedifoni a chingwe, amene sachedwa ndipo safuna kuchaja. Wi-Fi 7 ndi ya munthu amene faiba yafika kale pakhomo pake, kapena amene akugula foni yapamwamba pa zifukwa zina monga kamera.

Alamu anga aja sanabweze foni. Anasintha kamayifayi n'kugula rauta ya simu khadi ya mabandi awiri, anaipachika pamwamba pafupi ndi windo loyang'ana ku nsanja, ndipo mpira tsopano amaonera ndi mahedifoni osadukaduka. Madzulo, anthu onse a m'tauni akakhala pa netiweki, intaneti imakwawabe.